Magigabaiti 16 a ramu, gemu ndi matabu 31: zomwe ndinapeza nditayeza

Kwa miyezi pafupifupi iwiri ndinkakhulupirira kuti khadi langa la zithunzi latha mphamvu. Gemu yomwe ndinkasewera nthawi imeneyo inali ya mtundu uja wa dziko lalikulu lotseguka, momwe umachoka kuthengo n'kukalowa mumzinda popanda kudikirira kuti malo atsopano atseguke. Ndikakhala kuthengo zonse zinkayenda myaa, mafulemu 70 ndi kuposerapo pa sekondi. Koma ndikangolowa pachipata cha mzinda, chithunzi chinkaima kaye, n'kudumpha, n'kuyenda pang'ono, n'kuimanso. Ena amati kujama, ine ndinkati gemu ikuchita chibwibwi. Chomwe chinkandisokoneza n'chakuti nambala ya mafulemu pakona ya sikirini sinkatsika kwenikweni. Maso ankaona kuti zinthu sizili bwino, koma nambala inkanena kuti palibe vuto.

Kompyuta yanga inali ndi pulosesa yapakatikati, khadi la zithunzi la magigabaiti 8, SSD yothamanga, ndi ramu ya magigabaiti 16, yomwe inali masitiki awiri a DDR4-3200, 8 iliyonse. Ndinalinso ndi masikirini awiri, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Pa sikirini yachiwiri pankakhala burawuza yotsegula nthawi zonse: mapu a gemuyo omwe umatha kukulitsa ndi kusuntha, vidiyo ya munthu wina akuonetsa njira, nyimbo, imelo, komanso matabu ambirimbiri omwe ndinkati ndidzawerenga mawa. Pambali pake pankakhala pulogalamu yolankhulirana ndi anzanga tikamasewera.

Ndinatsitsa mithunzi, ndinatsitsa kuwala, ndinasintha madalaivala kawiri. Mafulemu anakwera kufika pa 85, koma chibwibwi chinali pompo. Kenako ndinawerenga malangizo ena onena kuti fayilo ya `pagefile.sys`, momwe Windows imasungiramo zinthu pa disiki ramu ikadzaza, ndi imene imachedwetsa magemu, ndipo munthu ukaizimitsa kompyuta imakakamizika kusunga zonse mu ramu. Zinamveka zanzeru, ndipo ndinaizimitsa. Kuyambira tsiku limenelo gemu inasiya kuchita chibwibwi pachipata chija. Inayamba kungotsekeka yokha, popanda uthenga uliwonse, ine n'kupezeka ndikuyang'ana desikitopu.

Apa m'pamene ndinaitana mnzanga wina amene amakonza makompyuta. Ndinamuuza kuti ndikufuna andithandize kusankha khadi latsopano. Iye anangoyang'ana sikirini yachiwiri ija, n'kuwerenga matabu ndi chala.

"Achimwene, matabu onsewa amakhala otsegula mukamasewera?"

"Eya, koma sindiwagwiritsa ntchito onse. Angokhala."

"Musagule kanthu kaye. Zimitsani makina, muyatsenso, tiyeze chimodzichimodzi."

Zomwe tinachita madzulo amenewo sizifuna pulogalamu ina iliyonse yapadera, ndipo ndikufuna ndizifotokoze bwino chifukwa ndi zomwe zinandichotsa mu mdima. Mukadina `Ctrl+Shift+Esc` pamatseguka Task Manager. Mupite pa Performance, kenako Memory. Pamenepo pali manambala angapo, koma atatu ndi omwe tinkayang'ana: In use, yomwe ndi ramu imene ili pa ntchito panopa, Available, yomwe ndi imene ingaperekedwe kwa pulogalamu ina nthawi yomweyo, ndi Committed, yomwe ndiifotokoza pambuyo chifukwa ili ndi nkhani yakeyake.

Kompyuta itangoyaka, tisanatsegule chilichonse, In use inali pa 4.4 GB. Imeneyo ndi Windows 11 ndi timapulogalamu tomwe timayamba tokha. Titatsegula pulogalamu yoyambitsira magemu ndi yolankhulirana ija, inafika pa 5.7. Kenako tinatsegula burawuza, n'kudina tabu iliyonse kuti idzuke monga momwe zimakhalira munthu ukakhala pa kompyuta tsiku lonse. Matabu anali 31, ndipo nambala inakwera kufika pa 9.6. Ndiye kuti burawuza yokha inatenga magigabaiti 3.9, ndipo gemu isanayambe n'komwe, pa 15.9 yomwe Windows inkaona, panatsala 6 ndi kachidutswa.

Tinabwezeretsa kaye `pagefile.sys`, n'kutseka burawuza yonse, n'kuyambitsa gemu. Nditalowa mumzinda muja In use inafika pa 14.6. Mnzangayo anatenga pepala n'kuchotsera: 14.6 kuchotsa 5.7, gemu ikufuna 8.9. Kuphatikiza ndi 3.9 ya burawuza, zonse pamodzi zikufuna 18.5. Ine ndinali ndi 15.9. Panali ngongole ya magigabaiti 2.6, ndipo ngongole imeneyo inkalipidwa ndi disiki. Madzulo amenewo, burawuza ili yotseka, ndinalowa ndi kutuluka pachipata chija kasanu, chithunzi osaima ngakhale kamodzi.

Anthu ambiri akafunsa ngati 16 ndi yokwanira, amayang'ana nambala yomwe opanga gemu alemba n'kuiyerekeza ndi yomwe ili mu kompyuta yawo. Nanenso ndinkatero. Gemu yanga inalembedwa kuti imafuna 16, ine ndili ndi 16, ndiye vuto lingachoke kuti? Koma nambala imeneyo sitanthauza kuti gemu idya 16 ayi. Imatanthauza kompyuta yonse, gemu ndi Windows pamodzi, popanda katundu wina wolemera pambali. Palibe amene anawerengera mapu anga, vidiyo yanga ndi matabu anga a mawa aja.

Manambala olembedwawo akhala akukwera ndithu, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Makonsolo a PlayStation 5 ndi Xbox Series X, omwe anatuluka mu 2020, ali ndi magigabaiti 16 omwe pulosesa ndi zithunzi zimagawana, ndipo magemu akuluakulu ambiri amapangidwa moganizira makina amenewo. Pofika 2023, Starfield ndi Hogwarts Legacy anali akulemba 16 ngati poyambira penipeni, osati ngati muyezo wabwino. Cyberpunk 2077, itasinthidwa m'chaka chomwecho, inakweza poyambira kufika pa 12, n'kumalimbikitsa 16. Kumapeto kwa 2024, Indiana Jones and the Great Circle inalemba 16 poyambira ndi 32 ngati yolimbikitsidwa, ndipo Microsoft Flight Simulator 2024 inalemba chimodzimodzi, n'kuwonjezera 64 kwa ofuna zapamwamba. Koma mbali inayi, Counter-Strike 2 imayambira pa 8. Munthu wosewera magemu a mtundu umenewo, ampikisano, a mabwalo ang'onoang'ono, akhoza kutsegula matabu anga onse 31 pa ramu ya 16 osaona kanthu. Ndiye funso lakuti 16 ndi yokwanira kapena ayi silingayankhidwe musanadziwe gemu yake ndi zomwe zili pambali pake.

Tsopano, n'chifukwa chiyani kuchepa kwa ramu kumaoneka ngati chibwibwi, osati ngati kutsika kwa mafulemu? Ili ndi gawo lomwe linanditengera nthawi kumvetsa. Ramu ikayamba kudzaza, Windows siitaya mtima msanga. Choyamba imapanikiza zina mwa zomwe zili mu ramu kuti zitenge malo ochepa, ndipo mumaziona pa Task Manager pomwe palembedwa Compressed. Zimenezo zikapanda kukwanira, imayamba kusamutsira zinthu zomwe sizinagwiritsidwe ntchito posachedwa ku `pagefile.sys`, pa disiki. Imasamutsa m'tizidutswa ta makilobaiti 4. Bola ngati kachidutswa kosamutsidwako sikafunikanso, palibe amene amva kanthu. Koma gemu ikafuna kachidutswa komwe kali pa disiki, imaima n'kudikira kuti kabwere.

Kudikirako n'kochepa kwa munthu koma n'kwakukulu kwa gemu. Pa mafulemu 60 pa sekondi, fulemu iliyonse ili ndi mamilisekondi 16.7 okha oti ikonzedwe. Kutenga chinthu mu ramu kumatha nthawi yochepa kwambiri moti sitingaiwerengere. Kuchitenga pa SSD yabwino kumatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milisekondi, komwe ndi kuchedwa kuwirikiza pafupifupi chikwi. Ngati gemu idikira motero maulendo 200 motsatizana, mamilisekondi 20 apita, ndipo fulemu yaphonya nthawi yake. Polowa mumzinda gemu imafuna zinthu zambirimbiri nthawi imodzi, nyumba, anthu, mawu, ndiye kudikirako kumaunjikana mpaka chithunzi kuima kwa theka la sekondi. Kenako zonse zikabwera, mafulemu amabwereranso pa 70. Nambala yapakona ija imasakaniza mafulemu ambiri n'kukupatsani yapakatikati, choncho kuima kwa apo ndi apo kumabisika. Amene akugwiritsabe ntchito hadi disiki yozungulira ija amavutika koposa, chifukwa kumeneko ulendo umodzi wokha umatha mamilisekondi pafupifupi 10, ndipo maulendo awiri ndi okwanira kuwononga fulemu.

Pali chinthu china chomwe mnzanga uja anandionetsa, ndipo chinasintha momwe ndimaonera matabu. Si matabu onse omwe ali ndi mlandu wofanana. Tabu ya nkhani yolembedwa, yomwe yangokhala phee, Windows imaisamutsira pa disiki ndipo imakhala komweko osavutitsa. Ovuta ndi matabu amoyo: vidiyo yomwe ikusewera, mapu, tsamba lomwe limadzisintha lokha, malonda oyendayenda. Amenewa sangakhale pa disiki chifukwa amafunika sekondi iliyonse, ndiye amalimbirana malo ndi gemu mwachindunji. Choipitsitsa chinali chizolowezi changa chodina `Alt+Tab` kukayang'ana mapu, kenako imelo, kenako tsamba lina. Tabu iliyonse yomwe ndadina inkabwerera mu ramu, ndipo kuti ipeze malo, zinthu za gemu ndi zomwe zinkakankhidwira ku disiki. Ndikabwerera mu gemu, kusamutsana kunkayambanso mobwerera. N'chifukwa chake chibwibwi chinkafika poipa kwambiri mu mphindi yoyamba ndikangochoka pa burawuza, ndipo ine sindinalumikizepo zinthu ziwirizi.

Mukafuna kuona kusamutsana kumeneku ndi maso anu, dinani `Win+R` n'kulemba:

```
resmon
```

Pa Resource Monitor pitani pa Memory n'kuyang'ana mzere wa Hard Faults/sec. Musachite mantha mukaona nambala ikukwera pamene gemu ikutseguka, chifukwa kuwerenga mafayilo koyamba kumawerengedwanso momwemo. Chomwe mukufuna kuona ndi zinthu zitatu zikuchitika pamodzi: chithunzi chaima, Available yatsika pansi pa gigabaiti imodzi, ndipo Hard Faults/sec ya gemu yadumpha. Mukapitanso pa Disk, mupeza `pagefile.sys` ili pamwamba pa mndandanda wa mafayilo omwe akuwerengedwa ndi kulembedwa. Kwa ine zitatuzi zinkabwera limodzi ulendo uliwonse pachipata chija burawuza ikakhala yotsegula. Ngati kwa inu chithunzi chikuima koma Available ili pa magigabaiti 4 kapena 5, ramu ilibe mlandu, ndipo kuwonjezera sikuthandizani. Pali chibwibwi china chomwe chimabwera gemu ikamakonzera khadi lanu kajambulidwe ka chinthu chomwe ikuchionetsa koyamba. Chimenecho mumachizindikira chifukwa mukabwerera pamalo omwewo kachiwiri chimakhala chitatha, pomwe cha ramu chimabwerabe.

Ndibwerere ku Committed ndi kutsekeka kwa gemu kuja, chifukwa pamenepa ndi pomwe malangizo olakwika amavulaza anthu ambiri. Pa Task Manager nambalayi imalembedwa pawiri, mwachitsanzo 23.8/27.9 GB, momwe inalili kwa ine gemu ndi burawuza zili zotsegula. Yoyamba ndi malo onse omwe Windows yalonjeza mapulogalamu. Yachiwiri ndi malire a malonjezowo, omwe ndi ramu kuphatikiza kukula kwa `pagefile.sys`. Mapulogalamu amapempha malo ochuluka kuposa omwe akugwiritsa ntchito nthawi imeneyo, ndipo Windows siilonjeza chomwe singathe kupereka. Nditazimitsa fayilo ija, malire anatsika kufika pafupifupi pa kukula kwa ramu yokha. Gemu inkati ikapempha malo ena polowa mumzinda, yankho linali lakuti palibe, ndipo inkagwa pomwepo, ngakhale Available inkaonetsa kuti ramu yatsalako. Sindinachotse vuto ayi, ndinangochotsa chomwe chinkandigwira kuti ndisagwe.

Umboni wake unalipo nthawi yonseyi, kungoti sindinkadziwa pokauyang'ana. Mu Event Viewer, pa Windows Logs kenako System, munali mauthenga a nambala 2004 ochokera ku Resource-Exhaustion-Detector, ndipo nthawi yake inkafanana ndendende ndi nthawi zomwe gemu inatsekeka. Uthengawo umatchulanso mapulogalamu omwe anatenga malo ambiri. Kuti mubwezeretse fayiloyo, lembani `sysdm.cpl` pa `Win+R`, pitani pa Advanced, pa Performance dinani Settings, kenako Advanced, kenako Change, ndipo muike chizindikiro pa Automatically manage paging file size for all drives. Muonetsetsenso kuti disiki ya C ili ndi malo, chifukwa fayilo imeneyi singakule pa disiki yodzaza, ndipo zotsatira zake zimafanana ndi kuizimitsa.

Panali chinanso chobisika mu 8.9 ija ya gemu. Mnzanga anadina GPU pa Task Manager yomweyo n'kundionetsa manambala awiri. Dedicated GPU memory inali pa 7.7 mwa 8.0, kutanthauza kuti khadi linali litadzaza. Shared GPU memory inali pa 1.7. Khadi la zithunzi likadzaza, zotsalazo zimasefukira mu ramu ya kompyuta, ndipo Windows imalola kuti zitenge mpaka pafupifupi theka la ramu yonse. Ndiye kuti pa ramu yanga yochepa kale ija, magigabaiti 1.7 ankagwira ntchito ya khadi. Ndinali nditatsitsa mithunzi ndi kuwala, koma Texture Quality ndinali nditaisiya pa Ultra, chifukwa ndinkaona kuti siikhudza mafulemu. N'zoona, siikhudza mafulemu bola ngati zonse zikukwana pa khadi, koma ndi imene imadya malo kuposa china chilichonse. Titaitsitsa kamodzi kokha, kufika pa High, Shared GPU memory inagwa kufika pa 0.3, ndipo In use inatsika kuchoka pa 14.6 kufika pa 13.2. Kusiyana kwa chithunzi sindinakuone pokhapokha nditayandikira khoma n'kuliyang'anitsitsa. Burawuza nayonso imatenga malo pa khadi, makamaka ikamaseweretsa vidiyo, ndiye imapanikiza mbali zonse ziwiri.

Apa masamu anasintha. Pa 15.9 kuchotsa 13.2, panatsala 2.7. Burawuza ya matabu 31 sikanakwanamo, koma kodi ndinkafunikiradi onsewo posewera? Ndinadina `Shift+Esc` mkati mwa burawuza, zomwe pa Chrome ndi Edge zimatsegula mndandanda woonetsa zomwe tabu iliyonse ikudya. Pa Firefox mumalemba `about:processes` pomwe mumalemba adilesi. Zomwe ndinaona zinandidabwitsa. Matabu ambiri ankatenga mamegabaiti osakwana 100 iliyonse. Mapu aja ankatenga oposa 600, vidiyo pafupifupi 500, imelo oposa 300, ndipo tizowonjezera tiwiri tomwe ndinaika mu burawuza kalekale n'kuiwala tinkatenga malo ofanana ndi matabu angapo. Matabu asanu okha ankadya pafupifupi theka la zonse. Choncho kuwerenga kuchuluka kwa matabu sikuuza munthu zambiri, muyenera kuona kuti ndi ati.

Ndinachotsa tizowonjezera tija, n'kuyatsa chida chogonetsa matabu omwe sakugwiritsidwa ntchito. Pa Chrome chimatchedwa Memory Saver, pa Edge ndi sleeping tabs, ndipo chimamasula ramu ya tabu yomwe yakhala nthawi osadinidwa. Dziwani kuti sichigonetsa tabu yomwe ikuseweretsa mawu kapena vidiyo, ndiye olemera aja mumayenera kuwatseka nokha. Ndinazolowera kutsala ndi matabu anayi posewera, vidiyo n'kumaionera pa foni. Burawuza inatsika kufika pa 1.1, zonse pamodzi n'kukhala 14.3. Malo otsala anali ochepa, koma anali okwanira, ndipo ndinamaliza gemu yonseyo pa ramu ya 16 popanda chibwibwi, ndi khadi lomwe lija ndinkafuna kulitaya.

Ndinakhala choncho miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa pali anthu omwe amauzidwa kuti 16 yatha ntchito n'kumadziona ngati sangasewere magemu atsopano. Angathe. Koma ndinenenso zoona za mbali inayi: kunali kukhala mosamala nthawi zonse. Ndisanayambe kusewera ndinkayenera kutseka izi ndi izo. Tsiku lina ndikaiwala pulogalamu yokonzera zithunzi ili yotsegula kumbuyo, chibwibwi chinkandikumbutsa. Ndipo ndinaona kuti ndikasewera maola atatu osapuma, In use inkakwera pang'onopang'ono pamene ndikuyendera malo atsopano, mpaka malo otsala aja kutha. Mukamayeza, musayeze mu mphindi zisanu zoyamba zokha. Yezani patatha ola limodzi kapena awiri, pamalo odzaza kwambiri a gemuyo.

Chomwe chinandipangitsa kuwonjezera chinali chakuti ndinayamba kujambula masewero anga kuti ndizitumizira mng'ono wanga, ndipo pulogalamu yojambulira inatenga malo omwe ndinalibe. Ndinafunsanso mnzanga uja ngati ndingangowonjezera masitiki ena awiri a 8 pa omwe ndinali nawo.

"Zimatheka, achimwene, koma si nthawi zonse. Ngakhale dzina ndi liwiro zifanane, zamkati zimatha kusiyana, ndipo masitiki anayi amalemetsa pulosesa kuposa awiri. Ngati mungathe, tengani awiri a 16 ogulitsidwa pamodzi."

Ndinatero. Musanagule, yang'anani pa Task Manager pomwe palembedwa Slots used ndi Speed, ndipo mutsimikize mtundu wa ramu yanu, chifukwa DDR4 ndi DDR5 sizilowa m'malo amodzi, kampata kake kali posiyana. Pa bolodi la masiloti anayi, masitiki awiri nthawi zambiri amaikidwa pa A2 ndi B2, lachiwiri ndi lachinayi kuchokera ku pulosesa, koma buku la bolodi lanu ndi lomwe lili ndi mawu omaliza. Izi zimachititsa kuti ramu iyende pa njira ziwiri nthawi imodzi. Pa DDR4-3200, njira imodzi imanyamula magigabaiti 25.6 pa sekondi, ziwiri 51.2, ndipo n'chifukwa chake sitiki imodzi ya 16 imachepa mphamvu poyerekeza ndi awiri a 8, ngakhale kukula kuli kofanana. Nditayatsa kompyuta, Speed inalemba 2400 m'malo mwa 3200. Sikuti anandigulitsa zabodza. Ramu yatsopano nthawi zambiri imayamba pa liwiro lotsika mpaka mutalowa mu BIOS n'kuyatsa XMP, yomwe pa mabolodi ena imatchedwa DOCP, kapena EXPO pa DDR5 ya makina a AMD.

Zotsatira zake ndizifotokoza mosabisa, chifukwa ena amayembekezera zozizwitsa. Mafulemu sanakwere. Pomwe ndinkapeza 72 ndinapezabe 72 kapena 73. Ramu yoposa yomwe ikufunika siwonjezera liwiro, imangokhala ikusunga mafayilo omwe angafunikenso, zomwe mumaziona pa Cached. Chomwe chinasintha n'chakuti ndinatsegulanso matabu anga onse, mapu, vidiyo, pulogalamu yolankhulirana ndi yojambulira, In use n'kukhazikika pa 19 ndi kachidutswa, ndipo `Alt+Tab` inkandibweza mu gemu popanda kuima kulikonse. Texture Quality ndinaisiyabe pa High. Ndinayesa Ultra kamodzi, Shared GPU memory inakweranso, ndipo mafulemu anayamba kugwedera m'malo odzaza, chifukwa ramu ya kompyuta, ngakhale ichuluke bwanji, imachedwa kwambiri kufika ku khadi poyerekeza ndi yomwe ili pa khadi pomwepo. Magigabaiti 32 sachiza khadi la 8.

Kwa amene ali ndi laputopu yopanda khadi lapadera la zithunzi, masamu anga aja ndi okoma kuposa anu. Pa makina otere zithunzi zonse zimakhala mu ramu yomweyo, ndiye pa 16 ija gemu imatengapo kawiri, kamodzi ka ntchito yake, kachiwiri ka zithunzi. Yang'anani Hardware reserved pa Task Manager kuti muone gawo lomwe lachotsedwa kale kompyuta isanayambe n'komwe. Malaputopu ena ramu yake ndi yomatiriridwa pa bolodi ndipo siwonjezeka, choncho ndi chinthu chofunika kufunsa musanagule, osati pambuyo.

Anzanga akandifunsa lero, ndimawayankha malinga ndi momwe amasewerera. Wosewera magemu ampikisano kapena a zaka zingapo zapitazo, 16 imukwanira ngakhale burawuza ili yotsegula. Wosewera magemu akuluakulu atsopano pa 16 akhoza, bola akhale wokonzeka kutseka matabu olemera, kusiya `pagefile.sys` momwe ilili, ndi kuyang'anira Texture Quality ngati khadi lake ndi la 8. Amene akumanga kompyuta yatsopano, ali ndi masikirini awiri, amajambula kapena kuulutsa masewero ake, kapena amawonjezera zinthu zambiri zopangidwa ndi osewera anzake mu gemu, ndimamuuza kuti ayambire pa 32. Za 64 sindinazionepo zikufunika pa gemu ndi burawuza zokha, kupatula kwa okonda magemu oyerekezera kuulutsa ndege kapena kumanga mizinda ikuluikulu omwe awonjezeramo katundu wochuluka.

Masitiki anga akale aja ndinapatsa mng'ono wanga, yemwe anali ndi imodzi ya 8. Tisanaike, ndinamuuza ayambitse gemu yake ndi matabu ake monga mwa masiku onse, tiyang'ane limodzi. Available inali pa 400 MB, ndipo `pagefile.sys` inali pamwamba pa mndandanda wa Disk. Titaika awiri aja pa A2 ndi B2 n'kuyatsa XMP, gemu yomweyo ndi matabu omwewo zinakhazikika pa 11.8, n'kutsala magigabaiti 4.